Kalata ya Kabuku ka Maliro

Kalata yopita kwa wosindikiza kabuku ka maliro imayamba ndi kukula kwa tsamba: A5, kutanthauza pepala la A4 lopinda pakati. Pepala lililonse limapereka masamba anayi, choncho kabuku kamakhala ka masamba 4, 8 kapena 12.

Kenako kalatayo imatchula zilembo. Times New Roman wa saizi 12 amakwanira pa mbiri ya malemu, koma nyimbo zimafuna saizi 14, chifukwa okalamba amaimba ataimirira, kabuku kali patali ndi maso. Mizere italikirane pa 1.15, ndipo ndime ya nyimbo isadukire patsamba lina. Zilembo zopotanapotana zimavuta kuwerenga. Zingokhala pa dzina lapachikuto.

Mawu okhala ndi ŵ alembedwe moonekera m'kalatamo, popeza mitundu ina ya zilembo ilibe chilembochi ndipo imaika kabokosi m'malo mwake. Banja lipemphe kuona kope loyamba makina asanayambe kusindikiza.