Kuyendera Mtengo wa Nambala Pogwiritsa Ntchito Mulu

Pulogalamu ya pakompyuta ikafuna kusunga nambala zambiri m'njira yoti izizipeza msanga, kawirikawiri imazisanja ngati mtengo wozondoka, muzu kumwamba, nthambi pansi. Nambala iliyonse imakhala pa mfundo yakeyake, ndipo mfundo iliyonse imatha kukhala ndi ana osaposa awiri, wakumanzere ndi wakumanja. Mumtengo wofufuzira muli lamulo limodzi: nambala zonse za kumanzere kwa mfundo zimakhala zocheperapo, ndipo za kumanja zimakhala zokulirapo. Mtengo uli m'munsiwu uli ndi mfundo 7, ndipo muzu wake ndi 8.

```
        8
      /   \
     3     10
    / \      \
   1   6      14
      /
     4
```

Pali njira zingapo zoyendera mfundo zonse za mtengo wotere. Imene akatswiri amaitcha inoda ili ndi dongosolo ili: kumaliza kaye zonse za kumanzere, kenako kulemba mfundo yeniyeniyo, pomaliza kupita kumanja. Ikatsatidwa pa mtengo wofufuzira, nambala zimatuluka zitandandalikidwa kale, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Pa mtengo uwu zimatuluka 1, 3, 4, 6, 8, 10, 14.

Vuto lagona pa kubwerera. Mfundo imaloza ana ake okha, siloza kholo lake. Pulogalamu ikatsika kuchokera pa 8 kufika pa 3, kenako pa 1, palibe chilichonse pa 1 chimene chingaiuze njira yobwererera kumwamba, komabe 3 ndi 8 zimakhala zisanalembedwe. Payenera kukhala penapake posungira mfundo zimene zadutsidwa koma ntchito yake isanathe.

Ophunzira ambiri amayamba ndi rikeshoni, kutanthauza fankishoni imene imadziitana yokha: imadziitana pa mwana wakumanzere, n'kulemba nambala, n'kudziitananso pa wakumanja. Njirayi ndi yaifupi, koma imabisa chimene chikuchitika. Nthawi iliyonse fankishoni ikadziitana, kompyuta imasunga mwakachetechete pamene yalekezera, ndipo malo osungirawo ali ndi malire. Mu Python, ngati munthu sanasinthe kalikonse, malirewo ndi 1000. Kudziitana kukazama kuposa pamenepo, pulogalamu imaima n'kuonetsa `RecursionError`.

Njira inayo ndi yoti wolemba pulogalamu asunge yekha zinthuzo mu sitaki, umene ndi mulu wa zinthu wokhala ndi khomo limodzi. Uli ngati mbale zosanjikiza: yatsopano imaikidwa pamwamba, ndipo yoyamba kutengedwa ndi ya pamwambayo, imene inaikidwa pomaliza. Khalidwe limeneli ndi limene likufunika, chifukwa mfundo imene pulogalamu yangoidutsa kumene ndi imene iyenera kubwererako poyamba. Mu Python mndandanda wamba umagwira bwino ntchitoyi: `append` imaika pamwamba, `pop` imachotsa cha pamwamba.

```python
def yendera(muzu):
    mulu = []
    pano = muzu
    while pano is not None or mulu:
        while pano is not None:
            mulu.append(pano)
            pano = pano.kumanzere
        pano = mulu.pop()
        print(pano.nambala)
        pano = pano.kumanja
```

Dzina lakuti `pano` likuimira mfundo imene pulogalamu yaimapo, ndipo `None` akutanthauza kuti pamalopo palibe mfundo. Ntchito yonse ili m'magawo awiri obwerezabwereza. Gawo lamkati limatsika kumanzere mpaka njira itatha, likuika pa mulu mfundo iliyonse imene ladutsa. Njira ikatha, pulogalamu imachotsa mfundo ya pamwamba, n'kuilemba, n'kusunthira kwa mwana wake wakumanja. Gawo lakunja limabwereza zonsezi mpaka pasakhale chotsala.

Pa mtengo wa mfundo 7 uja zimayenda motere. Poyamba mulu ulibe kanthu ndipo pulogalamu yaima pa 8. Imaika 8 pa mulu n'kutsikira kwa 3, imaika 3 n'kutsikira kwa 1, imaika 1 n'kupeza kuti kumanzere kwake kulibe mwana. Mulu tsopano ndi `[8, 3, 1]`, ndipo nambala ya kumapeto kwa mndandandawu ndiyo ili pamwamba. Mfundo zitatu zadutsidwa koma palibe ndi imodzi yomwe imene yalembedwa, ndipo m'pomveka, chifukwa iliyonse inkayembekezera kuti zocheperapo zituluke kaye.

Apa 1 imachotsedwa n'kulembedwa. Ilibe mwana wakumanja, choncho `pano` imakhala `None`. Pulogalamu siima, chifukwa pa mulu padakali 8 ndi 3. Gawo lotsika limadumphidwa popeza palibe potsikira, ndipo 3 imachotsedwa n'kulembedwa. Uku ndiye kubwerera kuja kumene mtengo pawokha sukanatha kuloza.

Mwana wakumanja wa 3 ndi 6, ndipo pamenepa ntchito imayambiranso ngati kuti 6 ndi muzu wa kamtengo kakekake. Pulogalamu imaika 6 pa mulu, n'kutsikira kwa 4, n'kuiikanso. Mulu ndi `[8, 6, 4]`. Mndandanda umenewu ndi woyenera kuuyang'anitsitsa. Njira yochokera ku muzu kufika pa 4 imadutsa pa 8, 3 ndi 6, koma 3 mulibe m'mulumo. Inalembedwa kale, ndipo palibenso chifukwa chobwererako. Mulu susunga njira yonse. Umasunga mfundo zokhazo zimene pulogalamu inakhotera kumanzere pochokapo, zimene zidakali kuyembekezera kulembedwa. Munthu akamvetsa chimenechi, mizere ina yonse ya pulogalamuyi angathe kuilemba yekha popanda kuloweza.

Kenako 4 imachotsedwa n'kulembedwa, ndipo popeza ilibe wakumanja, 6 imatsatira. Nayonso ilibe wakumanja, motero pamwamba pa mulu patsala 8 yokha, imene yakhala ikudikira kuyambira pachiyambi. Imachotsedwa n'kulembedwa. Zolembedwa zafika pa 1, 3, 4, 6, 8, ndipo mulu wakhala wopanda kanthu ngakhale kuti ntchito sinathe, chifukwa `pano` tsopano ikuloza 10. Zotsalazo zimathamanga: 10 imalowa pa mulu, kumanzere kwake kulibe kanthu, imatuluka nthawi yomweyo n'kulembedwa, ndipo 14 imachitanso chimodzimodzi. Pambuyo pa 14, `pano` ndi `None` ndipo mulu ndi `[]`. Apa m'pamene pulogalamu imaima.

Nthawi ija mulu unatha 10 ndi 14 zisanalembedwe ikufotokoza chifukwa chake mzere wa `while` woyamba umafunsa zinthu ziwiri zolumikizidwa ndi `or`. Zolakwika zambiri zimachitikira pa mzere umenewu, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Munthu akangolemba `while mulu:` pulogalamu situlutsa kalikonse, chifukwa mulu umayamba wopanda kanthu. Akaikakamiza kuti iyambe ndithu koma n'kumafunsabe za mulu wokha, imalemba 1, 3, 4, 6, 8 n'kuima, mbali yonse ya kumanja kwa muzu n'kusowa. Cholakwika chimenechi n'choopsa kwambiri chifukwa zotulukazo zimaoneka zadongosolo ndipo palibe uthenga uliwonse wochenjeza. Akafunsa za `pano` yokha, pulogalamu imalemba 1 basi, chifukwa imaima ikangokumana ndi mfundo yopanda mwana wakumanja.

Mzere womaliza ukaiwalika, `pano` imatsala ikuloza 1 itachotsedwa kale pa mulu. Gawo lotsika limaibwezeranso, imachotsedwanso, ndipo pa sikirini pamadzaza 1 mosalekeza mpaka munthu ataimitsa pulogalamuyo. Palinso kulakwitsa malo a `print`. Ikaikidwa pamene mfundo ikulowa pa mulu m'malo mwa pamene ikutuluka, zotsatira zake ndi 8, 3, 1, 6, 4, 10, 14. Nambala zonse zilipo, koma kholo likutsogolera ana ake, ndipo imeneyo ndi njira ina yoyendera mtengo. Chizindikiro chake n'chakuti muzu ndiwo umayamba kutuluka. Poyesa pulogalamu yotere, ndi bwino kuipatsa mtengo wopanda mfundo, wa mfundo imodzi, ndiponso wokhala ndi nthambi kumanja kwa muzu, chifukwa mtengo wopendekera kumanzere kokha umabisa cholakwika chija chosiya mbali ya kumanja.

Kunena za nthawi, mfundo iliyonse imalowa pa mulu kamodzi n'kutuluka kamodzi. Mtengo wa mfundo 7 umafuna kuika ka 7 ndi kuchotsa ka 7, ndipo mtengo ukakula kawiri, ntchito nayo imakula kawiri. Kunena za malo, mulu sungatalike kuposa msinkhu wa mtengo. Mtengo wachitsanzowu uli ndi mizere inayi kuchokera pa 8 kufika pa 4, ndipo mulu sunapitirire mfundo zitatu. Mtengo wodzaza bwino mbali zonse wokhala ndi mizere 20 umanyamula mfundo 1,048,575, koma mulu wake sungapose mfundo 20.

Kusiyana kwenikweni ndi rikeshoni kumaonekera mtengo ukapendekeka. Nambala zoyambira 1 mpaka 5000 zikalowetsedwa motsatizana mumtengo wofufuzira wamba, umene sudziwongola wokha, iliyonse imakhala mwana wakumanja wa imene yaitsogolera, ndipo mtengowo umasanduka chingwe chimodzi chotalika mfundo 5000. Fankishoni yodziitana imakanika mu Python ikafika pa malire a 1000 aja, chifukwa imasunga malo ake ngakhale pamene ikupita kumanja. Mulu wosunga wekha supitirira mfundo imodzi pa mtengo umenewu, popeza iliyonse imalowa n'kutuluka nthawi yomweyo. Nambalazo zikalowetsedwa chobwerera, kuchokera pa 5000 kutsika, chingwe chimapita kumanzere ndipo mfundo zonse 5000 zimaunjikana pa mulu isanalembedwe ndi imodzi yomwe. Pamenepo malo sapulumutsidwa, koma pulogalamu imamalizabe, chifukwa mndandanda umakula malinga ndi malo amene kompyuta ili nawo. Ilipo njira yosafuna mulu n'komwe, imene Joseph Morris anaifalitsa mu 1979, koma imasintha kwakanthawi zolozera za mumtengo momwemo, ndipo zimenezo n'zosayenera ngati gawo lina la pulogalamu likuwerenga mtengowo nthawi yomweyo.

Ubwino wina ndi woti ulendowu ungaimitsidwe pakati n'kudzapitirizidwa. Zonse zimene pulogalamu ikukumbukira zili mu `mulu` ndi `pano`, ndipo wolemba pulogalamu angathe kuzisunga mmene zilili. Wofuna nambala yachitatu kuchokera pa yaing'ono kwambiri amangowerenga kuti `pop` yachitika kangati. Kachitatu imatulutsa 4, mulu uli `[8, 6]`, ndipo 10 ndi 14 sizikhudzidwa n'komwe. Yachinayi ikadzafunika, palibe kuyambiranso ku muzu: `pano` imasunthira kumanja kwa 4, n'kupeza `None`, ndipo 6 imachotsedwa pamwamba pa mulu. Mitengo iwiri yofufuzira ingaphatikizidwenso kukhala mndandanda umodzi wadongosolo m'njira yomweyi. Mtengo uliwonse umakhala ndi mulu wake, pulogalamu imayerekeza mfundo ziwiri za pamwamba pa miluyo, n'kutenga yocheperapo, n'kupitiriza ulendo mumtengo umene nambalayo yachokera.