Uthenga ufike iye atadzuka

Pamene ku Lilongwe anthu akumwa tiyi 8 koloko m'mawa, ku South Bend m'dziko la Amereka, komwe kumakhala Amalawi ambiri, imakhala ili 1 koloko usiku m'mwezi wa Januwale. Moni wa m'mawa wochokera kuno umaliza foni ya mnzake ali m'tulo tofa nato. Ambiri okhala kunja sathimitsa foni pogona poopa kuphonya uthenga wa matenda kapena maliro kumudzi, choncho udindo wosunga tulo tawo umagwera wotumiza.

Njira yoyamba ndi kutumiza mwakachetechete. Pa Telegram njirayi inayamba mu 2019. Munthu akalemba uthenga, amakanikiza batani lotumizira osachotsa chala, kenako n'kusankha "Send Without Sound". Uthenga umafika nthawi yomweyo, chizindikiro chake n'kuoneka pafoni, koma popanda kulira. Izi zimayenera zinthu zimene mnzake angaone akadzuka, monga zithunzi za chinkhoswe.

Njira yachiwiri ndi kuikira uthenga nthawi yoti upite. Pa batani lomwelo pali "Schedule Message", pomwe munthu amasankha tsiku ndi ola. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa ola losankhidwalo limatsata wotchi ya foni ya wotumiza, osati ya wolandira.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku Lilongwe akufuna kuti mafuno abwino a tsiku lobadwa afikire mnzake wa ku South Bend 7 koloko m'mawa wa kumeneko. Mu Januwale nthawi ya Malawi imakhala patsogolo ndi maola 7, ndiye mayiyo asankhe 2 koloko masana. Koma kumeneko amasuntha wotchi ndi ola limodzi kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, pomwe Malawi sasintha nthawi yake. M'miyezi imeneyo kusiyana kumatsika kufika pa maola 6, choncho mu Julaye asankhe 1 koloko masana. Amene sakufuna masamu angowonjezera mzinda wa New York pa wotchi ya foni yake, poti nthawi yake ndi imodzi ndi ya South Bend.

Pali chinanso choyenera kudziwa kuno komwe magetsi amathimathima ndipo bando imatha mosayembekezereka. Telegram imasunga uthengawo pa makompyuta ake, kotero umapita ngakhale foni ya wotumiza itazima. Google Messages, ya pa mafoni a Android, imadalira foni yeniyeniyo. Ngati ola lakwana foni ilibe netiweki, uthenga umadikira mpaka netiweki ibwere, ndipo ikabwera 8 koloko m'mawa wotsatira, mnzake uja amadzutsidwa pakati pa usiku.

Njira ziwirizi ndi za nkhani zotha kudikira. Ngati kwagwa zovuta kapena matenda akula, muimbireni foni, ngakhale kumeneko kuli usiku.