Bondo limauza msinkhu wa wodwala wogonera

Munthu akagonekedwa m'chipatala, madokotala amafuna kudziwa msinkhu wake komanso makilogalamu ake. Mlingo wa mankhwala ena, monga a chifuwa chachikulu, umatengera kulemera kwa thupi, chimodzimodzinso chakudya chodzera m'paipi. Nanga gogo amene sitiroko yamupha ziwalo, sangaime n'komwe, akwera bwanji pasikelo? Kungomuyang'ana n'kunena kuti "awa akhoza kukhala 55" n'kulota, chifukwa bulangete limabisa zambiri.

Mu 1985, katswiri wina wa ku Ohio m'dziko la America, William Cameron Chumlea, ndi anzake anasonyeza kuti kutalika kwa mwendo kuchokera kuchidendene kufika pabondo kungathandize kuwerengera msinkhu wa okalamba. Munthu akamakula msana umapindika ndipo amafupika, koma fupa la m'munsi mwa bondo silisintha kwenikweni.

Kuyeza kwake kumafuna dzanja losamala. Wodwala amagona chagada, n'kumupinda mwendo wamanzere kuti bondo ndi kakolo zipange ngodya ya madigiri 90. Chida choyezera ndi ndodo yokhala ndi timapiko tiwiri: kena kamatsamira kunsi kwa chidendene, kena kamatsetserekera pantchafu, pamwamba pang'ono pa bondo, n'kukanikiza mnofu pang'ono. Ndodoyo iyenera kutsata fupa la mwendo, osapendekeka. Amayeza kawiri, ndipo ziwerengero zikasiyana kuposa theka la sentimita amayambiranso. Nkhani yake n'njakuti sentimita imodzi yolakwika pabondo imasanduka pafupifupi masentimita awiri pamsinkhu.

Kwa amayi a zaka 60 mpaka 90, masamu ake ndi awa:

```
msinkhu = 84.88 − (0.24 × zaka) + (1.83 × bondo)
```

Tiyerekeze kuti pabedi pali mayi wa zaka 72, ndipo bondo lake lapezeka masentimita 48. Zaka zija zikutipatsa 17.28, bondo likutipatsa 87.84, ndipo tikachotsera ndi kuphatikiza, msinkhu ukubwera masentimita 155. Abambo ali ndi masamu awoawo.

Kulemera ndiye kumavutirapo, chifukwa fupa silinena kuti mnofu watsala wochuluka bwanji. Mu 1988 gulu lomwelo linawonjezera miyeso itatu: kuzungulira kwa katumba pamalo ponenepa kwambiri, kuzungulira kwa mkono pakati pa phewa ndi chigongono, ndi kukhuthala kwa khungu lotsinidwa kunsi kwa fupa la phewa kumsana. Wachiwiriwu ndi muwaki womwe amayi amauona kusikelo ya ana, kungoti lamba wake ndi wa akulu.

```
kulemera = (1.27 × katumba) + (0.87 × bondo)
         + (0.98 × mkono) + (0.4 × khungu) − 62.35
```

Mayi uja akhale ndi katumba wa masentimita 29, mkono wa 24 ndi khungu la mamilimita 10. Masamu akupereka makilogalamu pafupifupi 44. Tikawagawa ndi msinkhu wake wa mamita 1.55 wochulukitsidwa ndi womwewo, BMI yake ndi pafupifupi 18.2, kunsi kwa malire a 18.5. Ndiye kuti thupi laperewera ndipo afunika chakudya chowonjezera.

Pamene pagona msampha ndi pakatumba. Odwala ogonera ambiri amatupa miyendo, kaya chifukwa cha mtima, impso kapena kuchepa kwa zomanga thupi m'magazi. Madzi akangowonjezera masentimita atatu pakatumba wa mayi yemweyu, masamu amamuwonjezera makilogalamu pafupifupi anayi, BMI n'kufika 19.8, ndipo pepala limanena kuti ali bwinobwino pomwe akutha. N'chifukwa chake namwino wodziwa ntchito amayamba wadina chala pamsolo wa mwendo kwa kamphindi. Pakatsala kadzenje, katumbayo sawerengedwa, amadalira mkono, umene sutupa kawirikawiri. Ku Britain, ndondomeko yotchedwa MUST imati mkono ukachepera masentimita 23.5, mwina BMI ili pansi pa 20. Bondo likakhala lokungika kapena mwendo unadulidwa, ndondomeko yomweyo imalola kupeza msinkhu poyeza fupa lochokera pachigongono kufika pakafupa kotukuka ka pamfundo ya dzanja.

Palinso china choti tisachibise. Masamu a 1985 anachokera kwa azungu okalamba a ku America, pomwe anthu akuda nthawi zambiri amakhala ndi miyendo yotalikirapo poyerekeza ndi thunthu, choncho akhoza kumutalikitsa munthu papepala. Chumlea yemweyo anadzatulutsa masamu ena a anthu akuda a ku America mu 1998. Ngakhale muyezo utayenda bwino, pa munthu mmodzi msinkhu ungaphonye ndi masentimita angapo, kulemera ndi makilogalamu angapo. Pokonza chakudya zimenezi n'zokwanira, koma pa mankhwala oopsa amene mlingo wake sufuna kuphonya, wodwala ayezedwe ndithu pasikelo ya pampando kapena yonyamulira.

Inu amene mukudwazika m'bale kunyumba, simufunika masamu onsewa. Pezani tepi ya telala, muziyeza mkono womwewo pamalo omwewo sabata iliyonse n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Ukatsika kuchoka pa 24 kufika pa 22, musadikire tsiku lobwereza, kawauzeni azaumoyo.