Madesiki 40 kapena 35? Kuona ngati yankho la akaunti lili bwino

Amene akukonzekera mayeso a akaunti, kaya a ICAM kapena a kukoleji, salephera kukumana ndi funso ili: kodi bizinesi igulitse katundu wochuluka bwanji kuti isaluze, ngakhale isanayambe kupeza phindu? Malire amenewa ophunzira amawatchula kuti bulekiiveni. Masamu ake ndi apafupi, kuchotsera ndi kugawa basi. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri akapeza nambala amaidula mzere kunsi n'kupita pa funso lina, pamene funsoli lili ndi njira zodziyesera lokha zosatha ndi mphindi zitatu zomwe.

Tiyeni titenge funso limodzi tiyende nalo. Manambalawa ndi a m'funso chabe, si mitengo ya pamsika. Kalipentala amakhoma madesiki a sukulu n'kumagulitsa imodzi pa K60,000. Desiki iliyonse imadya matabwa a K24,000, misomali, guluu ndi vanishi za K6,000, ndipo mmisiri amalandira K9,000 pa desiki imene wamaliza. Pamwezi kalipentalayo amalipira lendi ya K300,000, mlonda K120,000, kalaliki K220,000, ndipo kutha kwa makina amakuwerengera K80,000. Kumapeto kwa funso kwabisala chiganizo chimodzi: wosaka makasitomala amalandira komishoni ya 5 peresenti ya mtengo wogulitsira. Mwezi uno agulitsa madesiki 50.

Ndalama zotuluka zili m'magulu awiri. Zina zimakwera ndi desiki iliyonse: matabwa, misomali, mmisiri, ndi komishoni ija, imene ndi K3,000 pa desiki. Zonse pamodzi ndi K42,000. Zina sizisuntha, kaya akhome madesiki ambiri kaya ochepa, ndipo zikukwana K720,000 pamwezi. Tikachotsa K42,000 pa K60,000 patsala K18,000. Iyi ndiyo kontiribushoni, ndalama imene desiki iliyonse imasonkha polipira lendi ndi zinzake zija. Si phindu ayi, chifukwa phindu limayamba pokhapokha K720,000 ija itakwana. Tikagawa K720,000 ndi K18,000 tipeza madesiki 40.

Kuyesa koyamba n'kubwerera chammbuyo. Madesiki 40 alowetsa K2,400,000. Kuwakhoma ndi kuwagulitsa kwadya K1,680,000, ndipo tikaonjezera K720,000 zikukwana K2,400,000 ndendende. Palibe chotsala, palibe chopelewera. Likadatsala ngakhale K1,000, tikadadziwa kuti penapake dzanja laterereka pa kakyuleta.

Funso limakondanso kufuna yankho lomweli m'makwacha. Apa timaona kuti K18,000 ndi 30 peresenti ya K60,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yolowa, K30 ndiyo imatsala. Tikagawa K720,000 ndi 0.30 tipezanso K2,400,000. Mayankho awiriwa ayenera kugwirizana nthawi zonse: yankho la makwacha ukaligawa ndi mtengo wa desiki libweretse 40. Wophunzira wa phuma amagawa ndi 0.70, gawo limene lapita ku matabwa ndi zinzake, n'kupeza K1,028,571. Akadagawa ndalamayi ndi K60,000 akadaona madesiki 17, n'kuzindikira pomwepo kuti zasokonekera.

Koma kubwerera chammbuyo kuli ndi polekezera pake, ndipo apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Tiyerekeze kuti wophunzira sanaione komishoni. Kwa iye desiki ikudya K39,000, kontiribushoni ndi K21,000, ndipo yankho likutuluka 34.3, ndiye walemba 35. Akabwerera chammbuyo ndi manambala ake omwewo, zonse zigwirizana bwinobwino, chifukwa akuyesa cholakwa ndi cholakwa chomwecho. Komatu kalipentala atamvera malangizo amenewo n'kugulitsa madesiki 35, angasonkhe K630,000 yokha, n'kuluza K90,000 mwezi umenewo akuganiza kuti wafika.

Chogwira cholakwa chotere ndi kubwerera ku funso lenileni, osati ku pepala la yankho. Tengani pensulo, chongani nambala iliyonse ya m'funso imene mwaigwiritsa ntchito. Kenako werengani phindu la madesiki 50 aja mwa njira yaitali: zolowa K3,000,000, zotuluka zonse zimene funso latchula K2,820,000, phindu K180,000. Tsopano liwerengeninso mwachidule. Madesiki opitirira pa 40 alipo 10, ndipo iliyonse ikusiya K18,000, zomwe zikupanga K180,000. Zagwirizana. Woiwala komishoni uja akachulukitsa K21,000 ndi madesiki 50 n'kuchotsa K720,000 apeza K330,000. Kusiyana kwake ndi K150,000, ndipo akakugawa ndi madesiki 50 apeza K3,000. Chinthu cha K3,000 pa desiki m'funsomo ndi chimodzi chokha. Choncho kusiyanako musamakufufute ndi labala musanakugawe ndi chiwerengero cha katundu, pakuti kawirikawiri kumaloza pamene pali vuto.

Pali cholakwa china chimene chimadutsa m'mayeso onsewa osagwidwa. Wophunzira waiona komishoni, waiwerenga kuti pa madesiki 50 ndi K150,000, koma waiika m'gulu la lendi ndi mlonda. Zosasuntha zafika K870,000, kontiribushoni ndi K21,000, ndipo yankho lake ndi 41.4, ndiye kuti madesiki 42. Akawerenga phindu la madesiki 50 apeza K180,000, lolondola ndithu, chifukwa ndalama zonse zilimo, zangokhala m'gulu lolakwika. Apa kakyuleta singathandize. Chothandiza ndi funso loyenera kufunsa pa ndalama iliyonse: kalipentala atapanda kukhoma kapena kugulitsa desiki ngakhale imodzi mwezi uno, ndalama imeneyi alipirabe? Mwini nyumba abwera ndithu kudzatenga lendi, mlonda alandira. Wosaka makasitomala salandira kanthu. Chimodzimodzi mmisiri wathu, amene amalipidwa pa desiki. Funso likadati amalandira malipiro a pamwezi, ndalama yake ikadasamukira ku gulu la lendi, n'chifukwa chake mawu oti malipiro paokha sakuuzani gulu. Muyenera kuwerenga mmene munthuyo amalipidwira.

Magetsi amavuta chifukwa nthawi zina amakhala mbali zonse ziwiri. Funso likapereka bilu ya mwezi wa madesiki ambiri ndi ya mwezi wa madesiki ochepa, likufuna muigawe pawiri. Ngati pa madesiki 30 bilu inali K90,000 ndipo pa madesiki 50 inali K130,000, madesiki 20 oonjezerawo adya K40,000, ndiye kuti K2,000 pa desiki. Yotsalayo, K30,000, ndi yosasuntha, ndipo iyenera kutuluka chimodzimodzi pa miyezi yonse iwiri. Ikasiyana, mwaphonya.

Ziwiri zotsala n'zachidule. Onetsetsani kuti nthawi ndi imodzi, chifukwa olemba mayeso amakonda kupereka lendi ya pachaka pakati pa ndalama za pamwezi. Ndipo yankho likatuluka ndi kadontho, monga 40.2, likwezeni kufika 41 ngakhale kuti kusukulu tinaphunzira kutsitsa nambala yosafika theka. Madesiki 40 pamenepo sanamalize kulipira lendi, ndipo kachigawo ka desiki palibe angakagule.

Pomaliza yang'anani ngati funso latchula kuchuluka kwa madesiki amene malowo angakhome pamwezi. Likati 36, yankho la 40 likhoza kukhala lolondola pa masamu, koma muyenera kulemba chiganizo chonena kuti pa mtengo wa K60,000 kalipentalayu sangafikepo. Kuti afike ndi madesiki 36, iliyonse iyenera kusiya K20,000, ndiye kuti akweze mtengo kapena apeze pochepetsa K2,000 pa desiki.