Milimita Imodzi Yomwe Imalamulira Paipi Yonse

M'chaka cha 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds anathira kamzere ka utoto m'madzi oyenda m'paipi ya galasi. Madziwo akamayenda pang'onopang'ono, utoto unkawongoka ngati ulusi. Atawonjezera liwiro, ulusiwo unayamba kugwedera, kenaka n'kumwazika paipi yonse. Madzi anali atalowa m'chipwirikiti: akupita kutsogolo ndithu, koma akuvundukavunduka, a pakati akusinthana malo ndi a m'mbali. Pafupifupi paipi iliyonse yaikulu yobweretsa madzi m'tauni imayenda chonchi.

Tiyeni titenge paipi imodzi, yosalala m'kati, ya masentimita 10 m'mimba mwake, yotalika mamita 100, madzi akuyenda mita imodzi pa sekondi. Nambala ya Reynolds, yomwe imapezeka pochulukitsa liwiro ndi kukula kwa paipi n'kugawa ndi kunanda kwa madzi, pano ndi 100,000. Chipwirikiti chimakhala chitakhazikika kale nambalayi ikadutsa 4,000.

Tikaika geji kumayambiriro ndi ina kumapeto, tiona kuti pulesha yatsika ndi mapasikale pafupifupi 9,000, ofanana ndi kulemera kwa madzi oima masentimita 90. Yapita kuti? Khoma la paipi likukoka madzi, kuwabweza m'mbuyo, ndipo pakuti liwiro silikusintha, mphamvu yokankha ndi yokoka ziyenera kufanana. Ndiye chifukwa chake kukoka kwa khoma timakudziwa osalowa m'paipi:

`τw = ΔP × D / (4L)`

Apa ΔP ndi kutsika kwa pulesha, D kukula kwa paipi, L kutalika kwake. Yankho ndi mapasikale 2.25. Ndi kamphamvu kochepa zedi, koma kakugwira pa khoma lonse la mamita 100.

Tsono akatswiri amachita chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chanzeru kwambiri m'nkhani yonseyi. Amagawa τw ndi kulemera kwa madzi, makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, n'kupeza muzu wake:

`u* = √(τw / ρ)`

Chotuluka chimayezedwa ngati liwiro, motero amachitcha liwiro la kukhulana. M'paipi yathu ndi masentimita 4.7 pa sekondi. Si liwiro limene madzi akupitira kutsogolo ayi. Ndi muyeso wa kukula kwa kuvunduka kuja pafupi ndi khoma, ndipo zonse za m'mbali mwa paipi zimayezedwa ndi ilo.

Pakhoma penipeni madzi sayenda. Amamatirira. Pamwamba pake pali kachigawo kabata komwe kunanda kwa madzi kumagonjetsa chipwirikiti, ndipo m'paipi yathu kuchindikala kwake ndi milimita 0.1, ngati tsitsi limodzi. Tikatalikirako pang'ono, liwiro limatsata lamulo limene Theodore von Kármán anafalitsa mu 1930, potsatira maganizo a mphunzitsi wake Ludwig Prandtl wa ku Göttingen:

`u / u* = (1/0.41) ln(y u*/ν) + 5.0`

Chilembo y ndi mtunda kuchoka pakhoma, ν ndi kunanda kwa madzi. Musaope ln, tanthauzo lake ndi losavuta: kuti liwiro liwonjezeke ndi mlingo umodzimodzi, mtunda uyenera kuchulukitsidwa, osati kungowonjezedwa. Pa milimita imodzi kuchoka pakhoma madzi athu akuyenda masentimita 68 pa sekondi. Pa mamilimita 10 akuyenda 95. Mtunda wakula kakhumi, liwiro langokwera ndi 27. Pakatikati pa paipi, pomwe lamuloli silikhalanso lolondola kwenikweni, liwiro lili cha m'ma 120.

Onani bwino manambalawo. Kuposa theka la liwiro la pakati lapezeka m'milimita yoyamba yokha, pomwe kuchoka pakhoma kufika pakati pali mamilimita 50. Kuvunduka kumatenga madzi othamanga n'kuwaponyera kukhoma, ndiye kusiyana konse kwa liwiro kumapanikizika pa kamalo kakang'ono aka.

Apa mpomwe paipi yakale imagwera m'mavuto. Johann Nikuradse anamata mchenga m'kati mwa mapaipi, ndipo zotsatira zake za mu 1933 zinaonetsa kuti timitumbira tikabisala m'kachigawo kabata kaja, madzi satimva n'komwe: paipi imakhala ngati yosalala. Tikatulukira pamwamba, zinthu zimasintha. M'paipi yathu, dzimbiri la milimita imodzi ndi theka, lomwe m'maso likuoneka ngati silinachepetse njira ya madzi, likhoza kukweza kutsika kwa pulesha kuchoka pa 9,000 kufika kuposa 20,000. Mpope wa kumapeto umayamba kufooka, anthu n'kumaloza chala pampu.

Njira yodziwira ndi mageji awiri aja. Yezani kuchuluka kwa madzi olowa ndi otuluka, kuti mutsimikize kuti paipi sikudontha panjira. Ikani mageji kutali ndi makona ndi mavavu, chifukwa madzi akangokhota amafuna mtunda wa kukula kwa paipi kangapo konse kuti akhazikikenso, ndipo ngati paipi ikukwera phiri chotsani pulesha ya chitundacho. Ngati madzi ali omwewo koma τw yawirikiza poyerekeza ndi pamene paipi inali yatsopano, vuto lili pakhoma, ndipo chofunika ndi kupala m'kati mwake kapena kuisintha.