Matumba 400 amene amasanduka 800

Nyengo yogawa feteleza wa FISP ikafika, kalaliki wa zaulimi amakhala ndi mndandanda wautali mu Excel, ndipo abwana amafuna nambala imodzi yokha. Apa mpamene pivoti tebulo imathandiza. Vuto limabwera ndi munthu amene akuiwerenga.

Tiyerekeze kuti makampu awiri a ku Katete alandira matumba 120 ndi 80, awiri a ku Sinda 90 ndi 60, ndipo imodzi ya ku Vubwi 50. Pivoti iika 200 pamzere wa Katete, 150 pa Sinda, 50 pa Vubwi, kenako pansi penipeni, pa Grand Total, 400. Palibe cholakwika. Koma manambala a maboma aja ali mumpata umodzimodzi ndi a makampu, amangosiyana poti ndi akuda kwambiri. Kalaliki wofuna kutsimikiza, yemwe ndi wakhama osati waulesi, amalemba pambali:

```
=SUM(B4:B11)
```

Yankho ndi 800. Thumba lililonse lawerengedwa pakampu pake, lawerengedwanso paboma lake. Akatsitsa mpaka B12, pamene pali Grand Total, apeza 1,200. Choncho nambala ikatuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu ndendende, musayambe mwakayikira mlonda wa kunkhokwe. Ndipo `SUBTOTAL(9,B4:B11)` sikupulumutsani: imadumpha ma SUBTOTAL anzake okha, pomwe za mupivoti imaziona ngati manambala wamba. Musanakope tebuloyo, pitani pa Design, Subtotals, musankhe Do Not Show Subtotals.

Kovuta kugwira ndi kumene kwalowera pagwero. Ofesi ya boma limodzi, tinene la Sinda, ikatumiza pepala lokhala ndi mzere wake wa zonse pamodzi, inu n'kuuphatika pansi pa enawo, pivoti iutenga ngati kampu ina. Sinda yekha akwera kufika 300, Grand Total ikhala 550, nambala yooneka yaulemu ndithu, yosawirikiza chilichonse. Dinani kawiri pa 300 paja: Excel itsegula tsamba latsopano la mizere yonse imene yapanga nambalayo, ndipo mlendoyo aonekera, kawirikawiri wopanda dzina la kampu.

Maboma athuwa ali ndi msampha wawonso. Sinda anakhala boma mu 2012, atadulidwa ku Katete ndi ku Petauke. Vubwi anatuluka mu Chadiza chaka chomwecho. Mndandanda wakale wolembedwa kuti Katete uli ndi midzi ina imene lero ili mu Sinda. Mukausakaniza ndi watsopano, mlimi mmodzi aoneka pawiri, ndipo Count imawerenga mizere, osati anthu. Pofunika apa ndi Distinct Count pa nambala ya chitupa cha NRC, imene imapezeka mukachonga Add this data to the Data Model popanga pivotiyo. Musadabwe Grand Total ikachepa poyerekeza ndi kuphatikiza maboma: mlimi uja waonekera ku Katete ndi ku Sinda komwe, koma pansi wawerengedwa kamodzi.