Vuto lobwera pakati pa usiku: kalata yothandiza mkulu wa madivelopa kuligwira

Wolemba mapulogalamu a kompyuta akauzidwa kuti pulogalamu yake ikulakwitsa, nthawi zambiri amayankha kuti, "Kwa ine zikuyenda bwinobwino." Sanena mwamwano. Watsegula pulogalamuyo, wadina ponse pamene mwamuuza, ndipo palibe chachilendo chaoneka. Zili ngati galimoto yogogoda panjira imene ikafika kwa makaniko injini n'kumalira bwinobwino. Makaniko sangakonze phokoso limene sakulimva, ndipo divelopa naye sangachotse bagi imene sinaonekere pamaso pake. Choncho kalata yomufotokozera vuto lotere ili ndi ntchito imodzi basi: kuchititsa kuti vutolo lichitike pa kompyuta yake, iye akuona.

Tiyerekeze malo omwetsera mafuta a galimoto amene amagwira ntchito usana ndi usiku. Ndalama amawerengera 12 koloko usiku, anthu akamasinthana shifiti, ndipo pulogalamu imatulutsa lipoti la malonda a tsiku lililonse. Masiku ena lipoti la Lachisanu likuonetsa ndalama zambiri kuposa zimene kashiya anapereka, pamene la Loweruka likuonetsa zochepa. Masiku ena zonse zikugwirizana. Manijala wayamba kale kuyang'ana wogwira ntchito usiku ndi diso lokayikira, ndipo ngati vutoli silipezeka msanga, munthu wosalakwa akhoza kuchotsedwa ntchito.

Nkhaniyi yagwera mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito ku kampani yomwe inapanga pulogalamuyo. Chapafupi n'kulemba kuti, "Bwana, lipoti likumalakwitsa nthawi zina, taonani." Mkuluyo akalandira zimenezi adzayesa cha m'ma 10 koloko m'mawa, adzapeza zonse zili bwino, n'kupitiriza ntchito zina. Mawu akuti "nthawi zina" ndiwo apha kalatayo, chifukwa sakunena kuti nthawi zake ziti.

Ntchito yaikulu imachitika kalata isanalembedwe. Mtsikanayu atenga malisiti a pepala a masiku amene ndalama zinasiyana, n'kumafufuza lisiti lililonse mu lipoti. Amene sakupezeka pa tsiku lawo awaika padera. Kenako adzifunsa kuti malisiti osocherawa akufanana pati. Kodi ndi a kashiya mmodzi? Ayi. A pampu imodzi? Ayi. A dizilo yekha, kapena olipira pa foni okha? Ayinso. Chimene akufanana ndi nthawi: onse anatuluka pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku, ndipo onse akupezeka mu lipoti la dzulo lake. Apa n'pamene zadziwika chifukwa chake masiku ena kumakhala bata: usiku umene sikunabwere galimoto pa maola awiriwo, palibe chosochera.

Atayesa yekha pa pulogalamu yoyeserera, osati yomwe makasitomala akugwiritsa ntchito, alemba motere:

*Mutu: Malonda a pakati pa 00:00 ndi 01:59 akulowa mu lipoti la dzulo*

*Bwana, mwaswera bwanji? Ndapeza njira yochititsira vuto la malipoti lija, ndipo likuchitika ulendo uliwonse ndikatsata izi pa pulogalamu yoyeserera, vesheni 2.4, mu Chrome pa Windows 11:*

*1. Onetsetsani kuti kompyuta ili pa nthawi ya kuno, UTC+02:00.*
*2. Zimitsani `Set time automatically`, n'kuika tsiku pa 15 Malichi 2025, nthawi 00:30.*
*3. Lowani ngati kashiya, mulembe malonda a petulo a K20,000.*
*4. Tsegulani lipoti la pa 15 Malichi, kenako la pa 14.*

*Ndimayembekezera kuona K20,000 ija pa 15 Malichi, koma ikupezeka pa 14. Ndayesanso nthawi zina: 23:50 zili bwino, 01:59 zikulakwika, 02:05 zili bwino. Kusintha kashiya, pampu kapena njira yolipirira sikukusintha kanthu. Ndaphatikiza zithunzi za malipoti awiriwa, manambala a foni a makasitomala ndafufuta.*

*Izi ndi zimene ndaona. Chimene ndikungoganizira n'chakuti tsiku likutengedwa pa nthawi ya UTC, koma sindinatsimikize. Chonde tiliike patsogolo, chifukwa kumeneko akukayikira wogwira ntchito usiku. Zikomo.*

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yamtengo wapatali m'kalatayi ndi ya nthawi zitatu zija. Anthu ambiri amangolemba pamene zalakwika, n'kusiya pamene zayenda bwino, poganiza kuti zimenezo si nkhani. Komatu malire a vuto ndiwo amaulula gwero lake. Divelopa wodziwa ntchito akaona kuti vuto likuyamba 12 koloko usiku n'kutha 2 koloko ndendende, sachedwa kukumbukira kuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi UTC, nthawi imene makompyuta ambiri amasungira zinthu. Kuno ikamakwana 00:30 pa 15 Malichi, pa UTC imakhala idakali 22:30 pa 14. Akafufuza m'pulogalamu akhoza kupeza mzere wonga uwu wa JavaScript:

```
new Date().toISOString().slice(0, 10)
```

Lamulo la `toISOString()` limapereka nthawi ya UTC nthawi zonse, kompyuta ikhale ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Pa nthawi ija limatulutsa `2025-03-14T22:30:00.000Z`, ndipo `slice(0, 10)` imadula zilembo khumi zoyambirira, n'kutsala `2025-03-14`. Kwa maola 22 pa tsiku, deti la kuno ndi la UTC zimafanana, n'chifukwa chake aliyense woyesa masana saona kanthu.

Sitepe yoyamba ija, yonena za nthawi ya kuno, ingaoneke yosafunika kwa anthu okhala ofesi imodzi. Koma ngati mkuluyo ali ku London m'mwezi wa Januwale, wotchi yake ikufanana ndi UTC, ndipo akhoza kuyesa usiku wonse vutolo osaoneka. Chimene chili chachizolowezi kwa wolemba kalata n'chimene chimaiwalika kulembedwa, ndipo kawirikawiri m'menemo ndi mmene bagi imabisala.

Kusiyanitsa zimene waona ndi zimene akuganiza nakonso kuli ndi chifukwa chake. Mtsikanayu akanalemba pamutu kuti "vuto la UTC" kenako n'kupezeka kuti gwero ndi lina, akanasocheretsa mkuluyo tsiku lonse. Kuika ganizo lake pamapeto, n'kunena poyera kuti sanatsimikize, kukupatsa mkuluyo poyambira popanda kumutsekera njira zina. Ena amaopa kutchula ganizo lawo kwa wamkulu kuopa kuoneka odzikuza. Ine ndimaona kuti kulibisa n'kumene kumataya nthawi.

Njira yosintha wotchiyi ili ndi malire ake. Imagwira ntchito ngati deti likuwerengedwa pa kompyuta ya kashiya. Likakhala kuti likuwerengedwa pa seva, kusintha wotchi yanu sikusintha kalikonse, ndipo pamafunika kusintha nthawi ya seva yoyeserera kapena kudikira usiku weniweni. Zikatero kalata inene zimenezo mosabisa: kuti kusintha wotchi kwalephera, koma malisiti onse osochera ndi a maola awiri aja, nawa manambala ake. Ngati vuto likuchitika mwa apo ndi apo ngakhale mutatsata masitepe omwewo, lembani kuti mwayesa kangati ndipo lachitika kangati, kuti mkuluyo asasiye atangoyesa kamodzi.

Mzere wolakwika ukakonzedwa, malonda akale amene analowa pa tsiku lolakwika sabwerera okha pamalo pake. Mtsikanayu afunikanso kufunsa mkuluyo ngati nthawi yeniyeni ya lisiti lililonse inasungidwa, kuti malipoti a m'mbuyo awerengedwenso, manijala aone ndi maso ake kuti ndalama za wogwira ntchito usiku zinali zokwanira.